Vidiyo ya akuba tili nayo, nanga loya akuti ingagwe bwanji?

*Ndimayang'anira nyumba yosungira katundu ya sitolo ya zipangizo za ulimi. Masabata awiri apitawa matumba 40 a feteleza anasowa. Pa kamera ndinaona lole ikutuluka pa geti madzulo, ndiye ndinajambula sikirini ndi foni yanga n'kutumizira abwana pa WhatsApp. Buku la malisiti otulutsira katundu ndinalitenga, lili m'dirowa mwanga. Abwana akufuna kuchotsa ntchito mlonda ndi kalaliki komanso kukanena kupolisi, koma loya wati umboni wathu ungagwe. Ndinalakwa pati, ndipo ndichite chiyani?*

Mayi, musanamalize n'komwe kuwerenga yankho ili, pitani pa kabokosi kamene kamasunga zithunzi za makamera, kaja kolembedwa DVR kapena NVR, mukaone tsiku la vidiyo yakale kwambiri imene ikadalimo. Timabokosi timeneti tikadzaza timafufuta zakale n'kulembapo zatsopano, ndipo sitichenjeza munthu. Mukapeza kuti yakale kwambiri ndi ya masiku 18 apitawo, ndiye kuti mwatsala ndi masiku anayi okha kuti vidiyo yeniyeni ya tsiku lija ipite. Madzi akatayika saoleka. Zina zonsezi zingadikire mpaka mawa, koma ichi ayi.

Tsono tibwere kwa loya wanu. Iye sakunena kuti mukunama. Akuganiza za tsiku limene mudzakhale mutaima m'bokosi la mboni, mwina chaka chitapita, loya wa mlonda akukufunsani mofatsa. Wotchi ya kamerayo inali yolondola? Munaiona liti? Kupatula inu, ndani ali ndi nambala yachinsinsi yolowera m'kabokosiko? Bwanji munajambula mphindi ziwiri zokha, nanga mphindi khumi za m'mbuyo mwake munali chiyani? Buku la malisitilo lakhala m'dirowa mwanu masabata awiri, kiyi ali ndi inu nokha. Tidziwa bwanji kuti tsamba lothothokali simunathothole ndinu? Funso lomalizali limawawa, ndipo mboni zambiri zimapsa mtima zikafika pamenepa. Koma ndi funso loyenera. Inu ndinu woyang'anira nyumbayo, matumba anasowa m'manja mwanu, choncho aliyense wofuna kudzipulumutsa adzaloza inu. Mapepala amene ndikuuzeni kuti mulembewa ndi otchinjiriza inuyo poyamba, kampani ibwera pambuyo.

Chimene khoti limafuna ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi kaundula wa manja onse amene chinthu chadutsamo kuchokera pomwe chinatoledwa mpaka kufika patebulo la woweruza, popanda mpata woti wina anene kuti apa sitikudziwa chinali kuti. Chachiwiri ndi kaundula wa zimene inu munachita pofufuza, wolembedwa moti munthu wina wosakudziwani atatsatira mapazi anu, akafike pa yankho lomwelo. Apolisi a ku Britain anaika mfundo yachiwiriyi pa mfundo zawo zinayi zoyendetsera umboni wa pa kompyuta, ndipo ndi imene ife a ntchito yofufuza umboni wotere timayendera. Kuno kwathu lamulo la 2016 lokhudza zochitika pa makina a kompyuta ndi chitetezo cha pa intaneti limavomereza umboni wa mtundu umenewu, koma kuvomerezedwa kulowa m'khoti ndi kukhulupiriridwa ndi zinthu zosiyana. Kaundula akakhala ndi mipata, nthawi zambiri umboni sautaya kunja ayi. Amangoupeputsa, mpaka utsala wopanda mphamvu yomangira munthu.

Yambani ndi buku. Gulani hadikava yatsopano, mulembe manambala pa masamba onse musanayambe kulembamo, ndipo muzilemba ndi bolopeni. Mukalakwitsa, dulani ndi mzere umodzi woti mawu akale aziwerengekabe, musaine pambali. Musamate ndi utoto woyera uja, musathothole tsamba. Tsamba loyamba likhale la zomwe zachitika kale: tsiku limene munaona vidiyo, foni imene munajambulira, amene munawatumizira, tsiku limene munatenga buku la malisiti ndi amene anakuonani mukulitenga. Pamwamba lembani deti la lero, ndipo munene poyera kuti mukulemba zimene mukukumbukira. Ndikudziwa kuti mtima udzakuuzani kuti mulembe deti la masabata awiri apitawo kuti zioneke zadongosolo. Musayerekeze. Mpata wovomerezedwa woweruza amaumvetsa, pakuti anthu wamba sayenda ndi mafomu a apolisi m'thumba. Koma deti labodza likagwidwa, ngakhale zoona zanu zonse zimapita nalo limodzi.

Kenako pitani pa kabokosi kaja ndi munthu wina wosakhudzidwa ndi nkhaniyi, monga wowerengera ndalama wa ku likulu. Musanadine chilichonse, ikani foni imene imatenga nthawi pa netiweki pambali pa sikirini, ndipo ndi foni ina mujambule chithunzi chimodzi choonetsa mawotchi awiriwo pamodzi. Lembani m'buku nthawi zonse ziwiri. Wotchi ya kabokosiyo musaikonze, ngakhale italakwika chotani.

Apa ndichedwepo pang'ono, chifukwa ndi pamene ndinapsa nazo ine. Zaka zapitazo kampani ina inandiitana pa nkhani yofanana ndi yanuyi. Vidiyo imaonetsa galimoto ikutuluka pa 17:25. Alonda a pamalopo amasinthana 18:00, ndiye aliyense anati wotsegula geti ndi mlonda wa masana, ndipo kalata yomuimitsa ntchito inali itatuluka kale. Nkhope sinkaoneka, kamera inali pamwamba ndipo onse amavala yunifomu ndi chipewa chofanana. Ine ndinakopera vidiyo bwinobwino, n'kulemba lipoti, koma wotchi sindinaiyang'ane. Patatha masiku ndinabwererako kukatenga vidiyo ya kamera ina imene ndinaiwala, ndipo ndinangoti maso pa sikirini: ikuti 10:02, foni yanga ikuti 10:49. Kabokosiko kanali m'mbuyo ndi mphindi 47. Mukawonjezera mphindi 47 pa 17:25 mupeza 18:12. Pa geti panali mlonda wa usiku. Bambo amene anaimitsidwa ntchito uja anali atakwera kale njinga yake.

Komabe kusiyana kumene mwayeza lero sikutsimikiza kuti pa tsiku lakubalo kunalinso chimodzimodzi. Wotchi imatsalira pang'onopang'ono, wina akhoza kuti anaikonza pakatipa, ndipo kabatire kakang'ono ka m'kati kakatha, magetsi akangothima wotchi imabwerera ku deti la kufakitale. Ndiye pamafunika chikhomo cha tsiku lomwelo: chinthu chooneka mu vidiyo chimene nthawi yake inalembedwanso kwina kosadalira kamera. Ine ndinapeza kasitomala akulipira pa foni pa kauntala m'mawa wa tsiku lomwelo, ndipo uthenga wa malipirowo unali ndi nthawi ya kampani ya mafoni. Kusiyana kunali mphindi 46. Mu lipoti lachiwiri ndinalemba zonse: 47 pa tsiku loyeza, 46 pa tsiku la nkhani, ndi kuti lipoti loyamba linali lolakwika chifukwa sindinayeze. Kunali kochititsa manyazi kulemba chiganizo chimenecho, koma pamene mlandu unafika pofunsana mafunso, loya wa mbali inayo analibe choti avumbule, popeza ndinali nditadzivumbula ndekha. Inu funani chikhomo chotere: tikiti ya pa sikelo, uthenga wa malipiro, kapena nthawi imene dalaivala wodziwika anaimba foni ali pa geti.

Mukamaliza za wotchi, koperani vidiyo kudzera pa batani la kabokosi komweko, kawirikawiri lolembedwa Export kapena Backup, kupita pa fulashi yatsopano yochokera m'paketi. Musatenge mphindi za lole zokha. Tengani makamera onse, kuyambira maola angapo lole isanafike mpaka maola angapo itachoka. Ngati malo alipo, tsiku lonse. Mbali yotsutsa idzafuna kudziwa amene analowa m'nyumbamo masana, ndipo mukadzati sitinasunge, zidzamveka ngati munabisa. Tengani mafayilo mu mtundu wa makinawo, monga `.dav` pa makina a Dahua, pamodzi ndi kapulogalamu koonetsera ngati akukupatsani. Kusandutsa fayilo kuti izisewera pa foni iliyonse n'kosavuta, koma muchite pa kope ina, osati pa yoyambayi. Lembani m'buku dzina la makinawo, nambala yake ya kufakitale, manambala a makamera, nthawi yoyambira ndi yothera imene munasankha, ndi mayina a anthu onse odziwa nambala yachinsinsi.

Tsopano chidindo. Pali masamu amene kompyuta imachita pa fayilo n'kutulutsa mzere wa zilembo ndi manambala 64, timautcha hashi. Fayilo yomweyo imatulutsa hashi yomweyo pa kompyuta iliyonse, koma mukasintha kadontho kamodzi m'kati mwake, mzere wonse umasinthiratu. Pa Windows simufunika kugula kanthu. Tsegulani Command Prompt mulembe chonchi, kuika dzina lenileni la fayilo yanu:

```
certutil -hashfile E:\kamera3.dav SHA256
```

Chitani zimenezi pa fayilo iliyonse tsiku lomwelo, mboni yanu ikuona, musanaisewere n'komwe. Sindikizani zotsatirazo, mumate m'buku, musaine nonse awiri. Kenako tumizani mizereyo pa imelo kwa loya wanu, kuti pakhale munthu wa kunja amene ali ndi umboni woti pofika tsiku lakuti, ola lakuti, hashiyi inalipo kale. Pali kachenjezo kamodzi kamene kapulumutsa ambiri: certutil ikakana n'kulemba `ERROR_FILE_INVALID`, kapena pulogalamu ina ikatulutsa hashi yoyamba ndi `e3b0c442`, fayiloyo ilibe kanthu m'kati, kukopera kunalephereka. Bwererani pa kabokosi nthawi yomweyo.

Anthu ena amaikweza kwambiri hashi, ngati ndi mankhwala a chilichonse. Imangochitira umboni kuti fayilo sinasinthe kuchokera pa mphindi imene munaidinda. Za m'mbuyo mwake sinena kanthu. Ngati wina anadula vidiyo Lolemba, inu n'kudinda Lachiwiri, mwadinda chinthu chodulidwa. Mpata wa pakati pa tsiku lakuba ndi tsiku lokopera umatsekedwa ndi anthu: ndani anali ndi kiyi wa chipinda cha kabokosi, ndani analowa m'makinamo. Makina ambiri amasunga okha mndandanda wa amene analowa ndi zimene anasintha, pa tsamba lolembedwa Log. Ukopereni nawonso.

Mukatero pangani makope awiri ena, muone kuti hashi zawo zikufanana ndi zoyamba. Fulashi yoyamba ija ilowe mu envelopu, mumate, musaine modutsa pomata pamodzi ndi mboni, muphimbe siginecha ndi selotepu, mulembe nambala yake, mwachitsanzo U1. Imeneyo siitsegulidwanso mpaka khoti kapena katswiri wa mbali ina ataifuna. Ntchito yonse muzigwira pa makope.

Nanga kavidiyo ka pa foni yanu kaja? Musakafufute. Nakonso ndi umboni, woonetsa zimene munaona pa tsikulo, koma n'kosiyana ndi vidiyo ya makina ndipo kapatsidwe nambala yakeyake. Kamene kali pa foni ya abwana n'kofooka kuposa kanu, chifukwa WhatsApp imafinya vidiyo ndi zithunzi potumiza, ndipo zolembedwa zobisika za m'fayilo, monga nthawi yojambulira, sizifika zonse. Hashi ya awiriwo siingafanane. Mukafuna kutumizira loya fayilo pa WhatsApp osaiwononga, itumizeni ngati Document.

Kaundula wa manja ndi wosavuta, kuvuta kwake n'kusaiwala. Chinthu chilichonse chikhale ndi tsamba lake, ndipo chikachoka m'manja mwa wina kupita kwa wina pamalembedwa mzere umodzi: deti, nthawi, wopereka, wolandira, chifukwa chake, mmene chomata chilili, ndi masiginecha awiri. Mwachitsanzo: "Envelopu U1 yachoka kwa woyang'anira nyumba ya katundu kupita kwa wowerengera ndalama, 14:30, kukaikidwa mu sefa ya ku likulu, chomata chili bwino." Ngakhale kuichotsa mu sefa kuti abwana angoiona n'kuibwezera, ndi mizere iwiri. Manja akachepa zimakhala bwino, chifukwa aliyense amene dzina lake lili pa tsambalo akhoza kuitanidwa kukachitira umboni. Ku America, pa mlandu wa O. J. Simpson umene unazengedwa mu 1995, wapolisi wina anayenda maola angapo ndi kabotolo ka magazi a woimbidwa mlandu, mpaka kukafika nako kunyumba kumene anzake ankatolera umboni, m'malo mokalembetsa nthawi yomweyo. Komanso magazi amene nesi ananena kuti anatenga ndi amene anawerengeredwa pambuyo pake anasiyana ndi pafupifupi mililita imodzi ndi theka. Maloya a Simpson sanafunike kutsimikiza kuti wina anawaza magaziwo. Anangoonetsa kuti mpata unalipo.

Apolisi akabwera, mwina adzafuna kabokosi konse, ndipo ali ndi mphamvu yotero. N'chifukwa chake muyenera kukhala mutakopera kale. Chilichonse chimene atenga, wapolisiyo asaine pa tsamba lanu, alembe dzina, udindo, nambala yake ndi siteshoni, ndipo akusiyireni chikalata chosonyeza zomwe atenga. Mupemphe mwaulemu, koma mupemphe ndithu. Mlandu suwola, koma wapolisi amasamutsidwa, ndipo amene adzabwere m'malo mwake sadzadziwa kuti fulashi yanu ili m'kabati iti.

Buku la malisiti lija lichoke m'dirowa mwanu lero. Pamaso pa mboni, werengani masamba, mulembe nambala yoyamba ndi yomaliza, ndi manambala amene akusowa kapena olembedwa kuti afafanizidwa. Jambulani tsamba lililonse, kutsogolo ndi kumbuyo. Musalembepo, musaike chizindikiro pa lisiti yokayikitsa, musaboole ndi sitepula. Mapepala a kaboni amadinda chilichonse chimene mwalembera pamwamba pake, choncho musatsamirepo polemba zina. Ngati pali timalisiti ta makina tija timene timafufutika tikakhala padzuwa, tipangeni fotokope lero lomwe. Kenako mu envelopu, U2, kupita mu sefa imene kiyi wake mulibe.

Ndipo nambala 40 ija inachokera kuti? Ili ndi funso limene limagwetsa milandu yambiri ya katundu kuposa za makamera. Pamafunika pepala loonetsa kuwerenga komaliza kusanachitike kuba, zonse zolowa ndi zotuluka pakatipa, ndi kuwerenga kumene kunapeza kuperewera. Tinene kuti munali matumba 600, kunabwera 200, malisiti akuonetsa kuti anatuluka 350. Payenera kutsala 450, inu munapeza 410. Aliyense atha kubwereza masamu amenewa. Koma ngati kuwerenga komaliza kunachitika miyezi itatu yapitayo, mungonena kuti matumba 40 anasowa m'miyezi itatu, osati usiku umodzi, ndipo lipoti lanu linene choncho. Ngati kalaliki sanalipo powerenga, werenganinso iye alipo, asaine. Akakana, lembani kuti wakana, mboni isaine.

Chotsala ndi kaundula wa kafukufuku wanu, ndipo apa pamafunika kudziletsa. Mzere uliwonse unene zimene munayang'ana, pa kope iti, ndi chida chanji, ndi zimene munaona. Zoona ndi maso zikhale padera, zoganiza padera. "Kamera 3, nthawi ya pa sikirini 17:40:10, munthu wovala yunifomu ndi chipewa akutsegula geti, nkhope sikuoneka" ndi zimene mwaona. "Mlonda uje akutsegula geti" ndi zimene mukuganiza, ndipo ngati mwamuzindikira ndi kayendedwe, lembani kuti ndi kayendedwe, ndi zaka zimene mwagwira naye ntchito. Nambala ya lole ngati mukuwerenga zilembo ziwiri ndi manambala awiri okha, lembani zomwezo, musadzazire zotsalazo ndi nambala ya lole imene mukuikayikira. Mukawalitsa chithunzi kuti chioneke bwino, lembani pulogalamu yake ndi mlingo umene munaika, musunge choyamba ndi chowalitsidwa. Lembaninso zimene sizinakuyendereni: kamera 5 inali yakufa, lole inali ndi tenti ndiye matumba sakuoneka, dalaivala amene munamufunsa anati anali ku Mchinji ndipo lisiti yake ya mafuta ikugwirizana ndi zimenezo. Zimenezi zimaoneka ngati zikufooketsa nkhani yanu, koma ndi zimene zimauza woweruza kuti munkafufuza, simunkasaka munthu.

Abwana anu auzeni adekhe pa za kuchotsa anthu ntchito. Lamulo la za ntchito la 2000, gawo 57, limafuna chifukwa chomveka komanso kuti wantchito apatsidwe mwayi wodziteteza asanachotsedwe, ndipo gawo 61 limaika pa wolemba ntchito udindo wopereka chifukwacho nkhani ikafika ku khoti la za ntchito. Kumeneko sikufunika umboni wolemera ngati wa mlandu wa kuba, umene uyenera kuchotsa kukayika konse komveka, koma mafunso a wotchi ndi a buku la m'dirowa adzafunsidwabe. Pa tsiku lomva mbali yawo, aonetseni vidiyo yonse ya pa kope, osati kachidutswa ka pa foni, ndipo mulembe fayilo imene mwaonetsa, hashi yake, amene analipo ndi zimene iwo ayankha. Mlonda akanena kuti nthawi imeneyo anali atachoka kale, musamutsutse pomwepo. Lembani, mubwerere ku tsamba la wotchi, muwerengenso.